Za kamera ya mwana ija

Achemwali, kamera yomwe mwagula ku Fordsburg musaisiye ndi pasiwedi yomwe yabwera nayo. Makamera ambiri otchipa amabwera ndi "admin" kapena "123456", ndipo anthu oipa amazidziwa zimenezi. Munthu wachilendo atha kumamuona mwana wanu Takondwa ali mtulo, ngakhale kumulankhula kumene.

Mukailumikiza pa wayifayi, tsegulani apu yake, mupite pa Settings n'kusintha pasiwedi pompo. Ikhale ya zilembo zosachepera 12. Phatikizani mawu anayi osagwirizana, muikemo nambala ndi chizindikiro monga #. Dzina la mwana ayi, tsiku lobadwa ayi, ndipo isafanane ndi ya Facebook. Ilembeni m'kabuku kanu ka zatchalitchi kaja, musaitumize pa WhatsApp.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi wayifayi ya panyumba panu ku Rosettenville, poti mumagwiritsa ntchito ndi alendi anzanu onse. Gulani karawuta kanukanu, kachipangizo kopereka wayifayi, nakonso mukasinthe pasiwedi.

Mukaona Two-Step Verification, chitetezo chofunsa kodi kuwonjezera pa pasiwedi, yatsani, ikapempha Update vomerani. Kamerayo muyiike patali, mwana asafikire chingwe. Ikakuvutani mundiimbire ndikaweruka.