Chikonzero cha phunziro: fomu ndi chitsanzo

Anzanga a m'chaka choyamba, zomwe aphunzitsi athu anafotokoza Lolemba ndazisandutsa fomu yoti tizikopera m'kope popita kusukulu zoyeserera. Mfundo imene anaibwereza kwambiri ndi iyi: yambani ndi zomwe mwana azitha phunziro likatha, zina zonse zitsate pamenepo.

FOMU

Sitandade, phunziro, tsiku, nthawi: zichokere mu sikimu ndi pa ndondomeko ya nthawi.

Mutu wa phunziro: umodzi basi.

Zizindikiro za kakhozedwe: ziwiri kapena zitatu, zoyamba ndi mneni wooneka ndi maso, monga kutchula, kuwerenga, kulemba, kujambula. "Adziwa" ndi "amvetsa" ayi ndithu, chifukwa mwana amatha kugwedeza mutu asanamve kanthu, ndipo inu mulibe poyesera. Chizindikiro chilichonse chikhale ndi ntchito yakeyake m'munsimu.

Zipangizo: zopezeka pafupi, zokwanira gulu lililonse.

Njira zophunzitsira ndi zoyesera: zokhazo zimene muzigwiritsedi ntchito.

Chiyambi, ntchito, mathero: paliponse lembani mphindi, zochita mphunzitsi ndi zochita ophunzira.

Kuunika phunziro: mulembe mutaphunzitsa, osati usiku woti mawa muphunzitsa.

CHITSANZO

Sitandade 1, Masamu, Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2025, mphindi 30.

Mutu: Kuchotsera manambala osaposa 9.

Zizindikiro za kakhozedwe: Ophunzira achotsera zinthu pa mulu n'kutchula zotsala, alemba chiganizo cha masamu chokhala ndi chizindikiro chochotsera.

Zipangizo: zitsekerero za mabotolo 9 pa gulu, makadi a manambala, masileti.

Njira: kuonetsa, ntchito ya m'magulu, mafunso ndi mayankho.

Chiyambi (mphindi 4): Ndiimika ana 5 kutsogolo, awiri akakhala pansi. Ndifunsa kuti, "Atsala angati?" Ophunzira awerenga mokweza.

Ntchito yoyamba (mphindi 8): Ndiika zitsekerero 7 patebulo, ndichotsa zitatu, tonse tiwerenga zotsala. Ndilemba pabolodi 7 − 3 = 4 n'kuloza chizindikiro chochotsera. Ophunzira achijambula m'malere ndi chala, kenaka pansi.

Ntchito yachiwiri (mphindi 13): M'magulu, ophunzira achita 6 − 2, 8 − 5 ndi 9 − 4 ndi zitsekerero, aliyense n'kulemba pasileti. Ndiyendera magulu, kuyambira lakumbuyo. Mwana wovutika kuona akhala pafupi ndi bolodi, ndipo makadi ake ndi a zilembo zazikulu.

Mathero (mphindi 5): Nditchula 5 − 1, aliyense alemba yankho n'kukweza sileti m'mwamba.

Kuunika phunziro: Ambiri akhoza kuchotsera ndi zitsekerero. Magulu awiri amawerenga zomwe achotsa m'malo mwa zotsala, motero pa 8 − 5 analemba 5. Mawa ndiyamba ndi magulu amenewa, ndipo zochotsedwazo aziponya m'chitini kuti pamaso pawo pazitsala mulu umodzi wokha.