Dzina la timu yathu: tisankhe Loweruka lino

Achimwene nonse a timu yathu ya mpira ya ku Mufakose kuno ku Harare,

Majezi afika, koma wosindikiza akuti sayamba ntchito tisanamupatse dzina. Takhala tikusewera miyezi itatu anthu akungotitchula "aja a mataye", ndiye nthawi yakwana. Ndasonkhanitsa maina amene mwakhala mukuponya mu kombi pobwerera kuchokera ku Copacabana madzulo.

Ine mtima wanga uli pa Bwerani Mawa FC. Palibe mmodzi wa ife amene sanayankhulepo mawu amenewa pawindo, kapena kuuzidwa ataima pamzere kuyambira m'mawa. Taganizani wosewera wa timu ina wathamanga bwalo lonse, wafika pagolo thukuta lili kamukamu, goloboyi wathu wagwira mpira n'kumuuza mwaulemu wonse kuti, "Pepani bambo, bwerani mawa." Ochemerera sangavutike kupeka nyimbo. Anzathu achishona akafunsa tanthauzo tizingowauza kuti ndi mangwana, aseka okha.

Amalume athu a ku akaunti akulimbikira Mwezi Sunathe Wanderers. Akuti timu idzakhala yoopsa pa 20, matumba ali mbee, chifukwa wanjala sagona pabwalo. Tonse tikudziwa kuti dzina la Wanderers aliikamo chifukwa chokonda Manoma a ku Blantyre, ndipo a Maule pakati pathu ayamba kale kung'ung'udza.

Palinso Abwana Atuluka United, loyenera masiku amene kaputeni wachedwa, ndi Fayilo Yasowa, la otchinga kumbuyo: mpira ukalowa kwa iwo usaonekenso. Achinyamata a makompyuta abweretsa Netiweki Yagwa. Wina anati Chidindo Stars, kuti chigoli chilichonse chizikhala chodindidwa. Ali mu Miting'i ndi labwino pakamwa, koma pajezi lioneka ngati chidziwitso cha pachitseko.

Mimba Patsogolo ndalichotsa. Tinaseka, inde, koma pali akuluakulu awiri amene anayamba kubwera kubwalo adokotala atawauza za BP, ndipo sindifuna kuti dzina liwabweze kunyumba.

Ena akuti dzina la kuntchito silimveka ngati la timu yeniyeni. Nanga CAPS United? Iwowa, amene amadziwikanso kuti Makepekepe, anayamba ngati timu ya kampani yopanga mankhwala konkuno ku Harare. Kumudzi, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, ndipo anthu amangoti ma Bankers. Ifenso tisachite manyazi ndi zolembera zathu.

Chimene ndikupempha n'chakuti dzina likhale la Chichewa. Ana athu obadwira kuno amayankha m'Chishona tikawalankhula, ndipo ndikufuna tsiku lina mwana wanga adzakuwe "Bwerani mawa!" m'mbali mwa bwalo, agogo ake akumva.

Tivota Loweruka tikamaliza kuyeserera, pokweza manja. Aliyense abwere ndi madola 5 a kusindikiza. Amene ali ndi dzina lina abwere nalo, koma akalitchule mokweza pamaso pa gulu kuti timve ngati likuimbika.