Mayeso a Malire a Ngongole mu Pulogalamu ya Banki Mkhonde, Nambala `TC-NG-014`

Mayeso awa alembedwera inu amene mwangoyamba kumene ntchito yoyesa mapulogalamu pa ofesi yathu ya pa Dedza boma, ndipo cholinga chake ndi chimodzi chokha: kutsimikiza kuti pulogalamu ikukana kupereka ngongole yoposa katatu ndalama zimene membala anasunga, monga momwe malamulo a magulu a ku Bembeke amene tikuwatumikira amanenera. Za chiwongoladzanja ndi chindapusa musazikhudze pano, chifukwa zili ndi mayeso akeake.

Musanayambe, tengani foni ya Android yomatidwa pepala lachikasu kumbuyo, imene imakhala mu kabati ya zipangizo, osati foni yanu. Muitchere pa `Airplane mode`, pakuti alembi a magulu ambiri amalemba ngongole ali pansi pa mtengo kumene netiweki sigwira, ndipo ife tikufuna kuyesa pulogalamuyi mmene iwo amaigwiritsira ntchito.

1. Tsegulani pulogalamu ndipo muwerenge nambala imene ili pansi pa tsamba loyamba. Iyenera kukhala `2.3.1`. Ngati ndi ina, lekerani pomwepo ndi kulemba `BLOCKED` pa fomu ya zotsatira.

2. Lowani ndi dzina la `woyesa01` ndi nambala yachinsinsi `4826`, kenako musankhe `Gulu Loyesera`.

3. Dinani `Zokonza`, kenako `Bwezerani Zoyesera`, ndi kuvomereza podina `Inde`. Sitepe iyi musaidumphe ngakhale foni ikuoneka ngati sinagwiritsidwe ntchito, chifukwa mnzanu amene anayesa dzulo akhoza kukhala kuti anasiya ngongole yosabwezedwa, ndipo pulogalamu ingakane ngongole yanu pa chifukwa chimenecho osati chifukwa cha malire amene tikuyesa. Mwezi watha ine ndinataya tsiku lathunthu ndikufufuza vuto limene kunalibe, kaamba kodumpha sitepe yomweyi.

4. Dinani `Mamembala` ndi kusankha `Membala 07`. Muyenera kuona masheya 20 a K1,000 iliyonse, zimene zikupanga K20,000, ndipo pa mzere wa `Ngongole` payenera kulembedwa `0`. Pamwamba pa tsambalo, ndalama za m'bokosi la gulu ziyenera kukhala K150,000. Ndalamazi taziika zochuluka dala, kuti pulogalamu isakane ngongole chifukwa choti m'bokosi mulibe zokwanira. Nambala iliyonse mwa zimenezi ikasiyana, bwerezani sitepe 3 kamodzi kokha, ndipo zikakanikabe mulembe `BLOCKED`.

5. Dinani `Perekani Ngongole`, ndipo m'malo olembamo ndalama mulembe `60001`, popanda chilembo K, popanda mpata kapena chizindikiro china pakati pa manambala. Dinani `Sungani`.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Katatu ka K20,000 ndi K60,000, choncho ndalama mwalembazo zapyola malire ndi kwacha imodzi yokha. Sitikuyesa ndi K100,000 chifukwa pulogalamu yolakwika nayonso ikhoza kukana ndalama yaikulu chotero. Zolakwika za olemba mapulogalamu zimakonda kubisala pa malire penipeni. Pulogalamu iyenera kukana ndi kuonetsa uthenga uwu ndi zilembo zofiira:

```
Ngongole yapyola malire a K60,000
```

Muufanizire uthengawo liwu ndi liwu. Ukatuluka m'Chingerezi, kapena ukaonetsa nambala ina, mayeso alephera ngakhale ngongoleyo yakanidwa, chifukwa mlembi wa gulu amawerengera mamembala uthengawu mokweza, ndipo ukakhala wosamveka anthu amayamba kumukayikira iyeyo.

6. Dinani `Bwererani` ndi kuonanso tsamba la `Membala 07`. Ngongole iyenera kukhalabe `0`, ndipo m'bokosi muyenera kukhalabe K150,000.

7. Dinaninso `Perekani Ngongole`, lembani `60000`, ndipo dinani `Sungani` kamodzi kokha, ngakhale foni itachedwa kuyankha. Ulendo uno pulogalamu iyenera kuvomera ndi kuonetsa mawu akuti `Ngongole yasungidwa`, popeza lamulo limaletsa kupyola katatu, koma kufika pa katatu penipeni ndi kololedwa. Musasinthanitse sitepe iyi ndi sitepe 5, chifukwa ngongole ikangoperekedwa, membalayo sakhalanso mmene analili poyamba.

8. Tsekani pulogalamu kotheratu, muitsegulenso, ndi kulowa monga munachitira pa sitepe 2. Ngongole ya `Membala 07` iyenera kuoneka K60,000 ndipo m'bokosi mutsale K90,000.

Lembani `PASS` pokhapokha ngati zonse zimene mwaona kuyambira sitepe 5 mpaka 8 zafanana ndendende ndi zimene zalembedwa pano. China chikasiyana, lembani `FAIL`, tchulani nambala ya sitepe, jambulani zimene zili pa sikirini podina batani lozimitsira foni pamodzi ndi lochepetsera mawu, ndipo mulembe zimene maso anu aona, osati zimene mukuganiza kuti zachititsa vutolo. Mawu akuti “sizikugwira ntchito” sathandiza wokonza. Mulembe, mwachitsanzo, kuti pa sitepe 8 m'bokosi munaoneka K150,000 m'malo mwa K90,000. Mukamaliza, lembani tsiku ndi nthawi pa fomu, chotsani `Airplane mode`, ndi kubwezera foni mu kabati itatchajidwa.