Samu ija ya Loweruka: umboni woti a/(b+c) + b/(c+a) + c/(a+b) siingatsike pansi pa 3/2

Ana anga a kalabu ya masamu, Loweruka mvula inatibalalitsa tisanamalize, a ku Ndirande ndi a ku Chilomoni munathamangira minibasi samu ili theka pa bolodi, ndiye ndati ndiilembe yonse bwinobwino kuti aliyense aikopere mu kope lake. Muwerenge muli ndi pensulo m'manja, mzere uliwonse muziubwereza nokha.

Funso lija ndi ili. Tili ndi manambala atatu a, b, c, onse ndi apozitivi, kutanthauza kuti ndi oposa ziro. Tisonyeze kuti

a/(b+c) + b/(c+a) + c/(a+b) ≥ 3/2

Nambala iliyonse ikugawidwa ndi zinzake ziwiri zija zitawonkhetsedwa, kenako tikuzungulira, a kenako b kenako c. M'mabuku samu imeneyi imadziwika ndi dzina la Nesbitt. Kuti ndisamalembe chinthu chachitalichi nthawi zonse, mbali yonse yakumanzereyo ndiziitchula S.

Tiyambe taiyesa kaye ndi manambala. Ikani a = b = c = 1, mupeza 1/2 + 1/2 + 1/2, ndiyo 3/2 yeniyeniyo. Ikani a = 1, b = 2, c = 3, mupeza 1/5 + 2/4 + 3/3 = 0.2 + 0.5 + 1 = 1.7, yaposa 1.5. Ikani a = 100 ndipo b ndi c akhale 1, fulakishoni yoyamba yokha ndi 50 kale. Ndiye zikuoneka kuti ndi zoona, koma kuyesa si umboni ayi, mutha kudina kakuleta mpaka batire kutha manambala apozitivi osawamaliza, tikufuna mfundo yogwira onse pakamodzi.

Ambiri Loweruka munayamba ndi kunena kuti fulakishoni iliyonse ndi yosachepera 1/2, ndiye zitatu zikwana 3/2. Taonaninso chitsanzo cha 1, 2, 3 chija, yoyamba ndi 1/5, yachepa kwambiri pa hafu. Imodzi ikatsika ina imakwera, ndiye mafulakishoni atatuwa sitingawaweruze payekhapayekha, tiyenera kuwagwira limodzi. Mnyamata wina wa Fomu 4 anayesa AM-GM, lamulo loti avareji ya manambala atatu apozitivi siichepera kyubu ruti ya zomwe mupeza mukawachulukitsa, pa atatuwo mwachindunji, ganizo labwino ndithu, koma pa 1, 2, 3 mukawachulukitsa mupeza 6/60 = 0.1, kyubu ruti yake ndi pafupifupi 0.464, kuchulukitsa ndi 3 ikubwera cha m'ma 1.39. Njira imeneyo ikungotiuza kuti S yaposa 1.39, ife tikufuna 1.5, ndiye yaperewera.

Tsopano umboni wake. Tifuna kachida kamodzi kokha, ndipo mumakadziwa kale. Ngati x ndi y ndi apozitivi,

x/y + y/x ≥ 2

Chifukwa chake n'chakuti sikweya ya nambala iliyonse singakhale negetivi, ndiye (x − y)² ≥ 0. Tsegulani mabulaketi, x² − 2xy + y² ≥ 0, kusamutsa 2xy kupita mbali inayo, x² + y² ≥ 2xy. Gawani mbali zonse ndi xy. Apa imani kaye pang'ono, tikuloledwa kugawa chizindikiro cha ≥ osatembenuka chifukwa xy ndi pozitivi, akanakhala negetivi chikanatembenuka. Tikagawa tipeza x/y + y/x ≥ 2, ndipo ikhala 2 yeniyeni pokhapokha x = y, poti ndi pamene sikweya ija ili ziro.

Tibwerere kwa S. Chovuta pa mafulakishoni athuwa n'chakuti pamwamba pali zosiyana, pansinso pali zosiyana. Ndiye tiwonjezere 1 ku fulakishoni iliyonse muone zomwe zichitike:

a/(b+c) + 1 = a/(b+c) + (b+c)/(b+c) = (a+b+c)/(b+c)

Chimodzimodzi b/(c+a) + 1 = (a+b+c)/(c+a), komanso c/(a+b) + 1 = (a+b+c)/(a+b). Mwaona? Pamwamba ponse pafanana tsopano. Sitepe imeneyi ndi imene ine imandisangalatsa mu samu yonseyi, ndipo si matsenga ayi, a amene akusowa pansi ndi amene ali pamwamba, ndiye ukaphatikiza wapamwamba ndi wapansi umapeza onse atatu nthawi zonse. Tawonjezera 1 katatu, ndiye tawonjezera 3, tisaiwale kudzamuchotsa kumapeto. Titulutse a+b+c panja:

S + 3 = (a+b+c)[1/(b+c) + 1/(c+a) + 1/(a+b)]

Tipereke maina atsopano kwa apansiwo kuti maso apume. Tinene x = b+c, y = c+a, z = a+b. Onse atatu ndi apozitivi poti a, b, c ndi apozitivi. Mukawawonkhetsa, a akupezeka kawiri, b kawiri, c kawiri, ndiye x+y+z = 2(a+b+c), kapena kuti a+b+c ndi hafu ya x+y+z. Choncho

S + 3 = (1/2)(x+y+z)(1/x + 1/y + 1/z)

Tsopano tsegulani mabulaketi awiri akuluwo modekha, atatu kuchulukitsa ndi atatu, tipeza tizidutswa 9. Titatu ndi x/x, y/y, z/z, kalikonse ndi 1, pamodzi 3. Totsala 6 tija tikukhala tiwiritiwiri, kalikonse ndi mnzake wotembenuzika:

(x+y+z)(1/x + 1/y + 1/z) = 3 + (x/y + y/x) + (y/z + z/y) + (z/x + x/z)

Bulaketi iliyonse mwa zitatuzo ndi kachida kathu kaja, yosachepera 2. Ndiye zonse pamodzi ndi zosachepera 3 + 2 + 2 + 2 = 9. Tenga hafu yake,

S + 3 ≥ 9/2

chotsa 3 uja tinabwereka,

S ≥ 9/2 − 3 = 3/2

Basi umboni watha pamenepo. Nanga S ikhala 3/2 yeniyeni liti? Pokhapokha mabulaketi onse atatu ali 2 ndendende, kutanthauza x = y = z. Kuchokera pa b+c = c+a tipeza a = b, kuchokera pa c+a = a+b tipeza b = c, ndiye a = b = c. Ndipo tinaona kale kuti akafanana zimathekadi, fulakishoni iliyonse imakhala a/(2a) = 1/2. Gawo limeneli muzilemba nthawi zonse ngakhale funso lisanene, limaonetsa kuti 3/2 sitinangomutola, palibe nambala yokulirapo imene ingalowe m'malo mwake.

Tiyese njira yonseyi ndi 1, 2, 3 kuti mukhulupirire ndi maso anu. x = 5, y = 4, z = 3, pamodzi 12. 1/5 + 1/4 + 1/3 = 47/60. 12 kuchulukitsa 47/60 ndi 9.4, yaposa 9 monga tanenera, hafu yake 4.7, kuchotsa 3 ikutsala 1.7. Yomwe ija tinapeza poyamba.

Pali funso lomwe mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa tikudikira mvula pakhonde, kope ataliphimba ndi jumbo. Anati, aphunzitsi, nanga mawu oti apozitivi aja akugwira ntchito yanji, tikawachotsa chilakwika n'chani? Funso limeneli ndi la munthu amene akuwerengadi samu. Yesani a = 1, b = 1, c = −3. Mupeza 1/(−2) + 1/(−2) + (−3)/2 = −5/2, yagwera pansi penipeni. Mu umboni wathu malo amene zikusweka ndi paja tinagawa ndi xy, apa x = −2 ndipo z = 2, ndiye z/x + x/z ndi −2 osati 2. Komanso popanda mawu amenewo wapansi atha kukhala ziro, monga b = 1 ndi c = −1, fulakishoni n'kusowa tanthauzo. Ndiye polemba umboni muzitchula poyera pamene mwagwiritsa ntchito upozitiviwo, osangodumpha.

Ndikupatseninso njira yachiwiri, chifukwa ganizo lanu la hafu lija silinali lotayika, linangofuna kulikonza. Tichotse 1/2 ku fulakishoni iliyonse tione chotsala:

a/(b+c) − 1/2 = (2a − b − c)/(2(b+c)) = [(a−b) + (a−c)]/(2(b+c))

Chitani zomwezo kwa enawo, wachiwiri apereka [(b−c) + (b−a)]/(2(c+a)), wachitatu [(c−a) + (c−b)]/(2(a+b)). Tsopano tili ndi tizidutswa 6, tisonkhanitse tomwe tili ndi zilembo zofanana. Ka a−b kali mu woyamba, ka b−a kali mu wachiwiri, ndipo b−a ndi −(a−b), ndiye

(a−b)/(2(b+c)) − (a−b)/(2(c+a)) = (a−b)[(c+a) − (b+c)]/(2(b+c)(c+a))

Mu bulaketi yapamwambayo c akufafanizika, kutsala a−b, ndiye pamwamba pakhala (a−b)², sikweya yatulukira yokha. Magulu ena awiriwo akuyenda chimodzimodzi, muwachite nokha mu kope, ndipo mukamaliza mupeza

S − 3/2 = (a−b)²/(2(b+c)(c+a)) + (b−c)²/(2(c+a)(a+b)) + (c−a)²/(2(a+b)(b+c))

Pamwamba masikweya okhaokha, pansi mapozitivi okhaokha, ndiye kumanja konseko sikungatsike pansi pa ziro, S ≥ 3/2 kachiwiri. Ndipo kukhala ziro pokhapokha masikweya onse ali ziro, a = b = c. Ine pa ziwirizi ndimakonda yachiwiriyi ngakhale ili ndi zolemba zambiri, chifukwa yoyamba ikungotiuza kuti S yaposa 3/2, pamene iyi ikutiuza kuti yaposa ndi zingati, ndipo ukuona ndi maso kuti chomwe chikukweza S ndi kutalikirana kwa manambalawo. Pa 1, 2, 3 ikupereka 1/40 + 1/24 + 4/30, pansi tiike 120, ndi 3/120 + 5/120 + 16/120 = 24/120 = 0.2, ndipo 1.7 kuchotsa 1.5 ndi 0.2 yemweyo.

Ndikudziwa ena mukuti samu yotereyi siibwera pa MSCE ndiye tikuvutikiranji. Koma taonani zomwe tagwiritsa ntchito, kuwonkhetsa mafulakishoni, kutsegula mabulaketi, kutulutsa chofanana panja, sikweya, zonsezi ndi za m'kalasi zomwe mumalemba tsiku ndi tsiku, palibe chachilendo chomwe ndabweretsa.

Chenjezo limodzi kwa amene mwayamba kale kuganiza za manambala ambiri. Mukaika manambala n mozungulira, iliyonse n'kuigawa ndi ziwiri zotsatira zitawonkhetsedwa, mtima umafuna kunena kuti zonse pamodzi sizingatsike pansi pa n/2. Funso limeneli analifunsa Shapiro mu 1954, ndipo yankho lake ndi lodabwitsa, ndi zoona ngati n ndi iveni yosaposa 12 kapena odi yosaposa 23, kupitirira apo zimakanika. Ndiye musamangoti poti zatheka pa 3 zitheka paliponse.

Ya Loweruka likubwerali nayi, kachida n'komwe kaja. a, b, c apozitivi, sonyezani kuti (b+c)/a + (c+a)/b + (a+b)/c ≥ 6, ndipo munene pamene ikhala 6 yeniyeni. Fulakishoni iliyonse muidule pawiri kaye musanachite china chilichonse. Tikumana 9 koloko m'kalasi yomwe ija, mubwere ndi makope komanso maambulera.