Ndondomeko ya kafukufuku wa jogalafe: ogula pamsika wathu amachokera kuti?

Ophunzira, werengani pepalali lonse tsiku la ulendo lisanafike, chifukwa kumsika sikudzakhala mpata wofotokozanso.

Tikufuna kujambula pamapu dera lomwe msikawu umakokako ogula, ndi kuona ngati derali limasintha malinga ndi katundu amene munthu wadzagula. M'kalasi tinakambirana ganizo la katswiri wa jogalafe Walter Christaller la mu 1933, loti katundu aliyense ali ndi mtunda wake womwe anthu amalolera kuyenda kuti akamupeze. Zogula tsiku ndi tsiku munthu sayendera kutali, koma katundu wogula mwa apo ndi apo, monga mipando kapena zipangizo zogwirira ntchito, amamuyendera mtunda wautali. Ife tikukayesa ngati zimenezi zilidi choncho pamsika uno. Zikakhala kuti sizili choncho, lembani zomwe mwapezazo, ndipo malikisi anu sadzachepa.

Tidzapita masiku awiri: Loweruka, pomwe msika umadzaza, ndi Lachiwiri, tsiku wamba. Tsiku lililonse tidzafunsa anthu kuyambira 7 mpaka 8 koloko m'mawa, 10 mpaka 11 koloko, ndi 1 mpaka 2 koloko masana. Nthawi zitatuzi n'zofunika chifukwa oyandikira msika amatha kufika m'mawa kwambiri pomwe akutali akadali m'njira. Mulipo 24, ndiye mugawike magulu 6 a anthu 4. Magulu atatu apita Loweruka, ena atatu Lachiwiri, gulu lililonse pachipata chake mwa zipata zitatu za msikawu. Akuluakulu a msika atilola, ndipo mtsogoleri wa gulu adzanyamula kalata yachilolezo.

Kasankhidwe ka anthu ofunsidwa

Apa ndi pomwe kafukufuku ambiri amaonongekera. Wophunzira akasiyidwa kuti asankhe yekha, amathamangira munthu womwetulira, wamsinkhu wake, wosanyamula katundu wolemera. Koma wosenza mtolo uja, amene akufulumira kukakwera galimoto, nthawi zambiri ndiye wachokera kutali. Mukamuphonya, dera lathu lidzaoneka laling'ono kuposa mmene lilili. Choncho wosankha si inu, ndi nambala.

Tidzafunsa munthu wachikhumi aliyense amene akutuluka pachipata. Otuluka, osati olowa, popeza otuluka akudziwa kale zomwe agula. Nambala 10 yachokera pa kuwerenga koyeserera kwa Loweruka lapitali, pomwe mu ola limodzi munatuluka akuluakulu pafupifupi 150 pachipata chachikulu, 90 pachipata cha kumbali ndi 60 pachipata cha kuseri, onse pamodzi 300. Ife tingakwanitse anthu 30 pa ola, ndipo 300 kugawa ndi 30 ndi 10. Zipata zonse zigwiritse nambala yomweyi. A pachipata cha kuseri adzafunsa anthu ochepa, ndipo zimenezo n'zoyenera. Musawonjezere kuti mufanane ndi anzanu, chifukwa chipata chodutsa anthu ambiri chiyenera kupereka mayankho ambiri. Lachiwiri anthu adzachepa, nambala ikhalabe 10.

Poyamba ola lililonse chitani maere: timapepala ta 1 mpaka 10 m'thumba. Mukatola 4, woyamba kufunsidwa ndi munthu wachinayi, kenako wa 14, wa 24, mpaka ola lithe. Ana musawawerenge. Nambala ikagwera wogulitsa pamsikapo, kapena munthu amene wangodutsa osagula kanthu, lembani W pamzere wake n'kumusiya. Wina akakana, thokozani, lembani K, ndipo dikirani wachikhumi wotsatira. Musagwire amene ali pambuyo pake kuti alowe m'malo. Chiwerengero cha okana tidzachilemba mu lipoti, chifukwa akachuluka, wowerenga ayenera kudziwa kuti mapu athu ali ndi mpata.

M'gulu, mmodzi aime pambali pa chipata n'kumawerenga, akulemba timizere m'magulu a tisanu tisanu, kachisanu kopingasa. Iyeyu asalankhule ndi aliyense. Awiri azifunsa mosinthana, aliyense ndi fomu yake. Wachinayi agwire mapu ndipo apeze dzina la dera wofunsidwayo asanachoke, poti maina ena amafanana ndipo kukangana nawo kusukulu sikuthandiza.

Mawu oyambira ndi mafunso

Yambani motere, osasintha: "Pepani bambo (kapena mayi), ndife ana asukulu, tikuphunzira za komwe ogula pamsika uno amachokera. Tili ndi mafunso asanu ndi limodzi, a mphindi zitatu zokha. Dzina lanu sitilemba. Mungatilole?"

1. Ulendo walerowu mwauyambira dera liti?
2. Kodi ndi komwe mumakhala? Ngati ayi, mumakhala dera liti?
3. Mwabwera pa chiyani?
4. Mwayenda nthawi yaitali bwanji?
5. Mwa zonse mwagula, chomwe chakubweretsani kwenikweni n'chiyani?
6. Kuno mumabwera kangati?

Funso lachiwiri lilipo chifukwa cha anthu ongopatukira pamsika pochokera kuntchito. Pamapu tidzaika komwe amakhala. Musafunse makilomita. Anthu ambiri amakumbukira nthawi yomwe ayenda kuposa mtunda, ndipo mtundawo tidzayeza tokha. Musafunsenso za ndalama, nambala ya foni kapena nyumba yeniyeni, ndipo musajambule munthu chithunzi.

Kalembedwe

Munthu mmodzi, mzere umodzi, ndi pensulo. Pamwamba pa fomu lembani tsiku, chipata, ola, nyengo ndi nambala ya maere musanafunse aliyense. Mayendedwe: P wapansi, N njinga yakapalasa, M njinga yamoto, B basi, G galimoto yake. Katundu: lembani dzina lenilenilo monga wanenera, ndipo chilembo cha T (zatsiku ndi tsiku) kapena A (za apo ndi apo) tidzaika limodzi m'kalasi kuti magulu onse agawe mofanana. Mwachitsanzo, munthu wa nambala 14 amene wabwera pa basi, mphindi 40, kudzagula mpando, ndipo amabwera kamodzi pamwezi, mzere wake ukhala ndi 14, dzina la dera kawiri, B, 40, mpando, 1 pamwezi. Yankho likasowa, jambulani kamzere. Malo osalemba kanthu satiuza ngati munaiwala kufunsa kapena munthuyo sanayankhe.

Tikabwerera kusukulu

Mafomu onse alowe m'tebulo limodzi tsiku lomwelo. Mapu athu ndi a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Wogula aliyense akhala kadontho pa dera lake, kofiira kwa A, kobiriwira kwa T, ndi mzere woongoka wopita pamsika. Yezani mizereyo, ndipo jambulani mabwalo a makilomita 2, 5 ndi 10 kuti muwerenge timadontho m'bwalo lililonse. Pofotokoza mtunda, sanjani manambala kuyambira yaing'ono ndi kutenga yapakati. Avereji imakokedwa ndi mlendo mmodzi wochokera makilomita 200. Pa chifukwa chomwecho, malire a dera ajambulidwe mutachotsa akutali kwambiri, munthu mmodzi pa ogula 10 alionse, malire a T paokha, a A paokha.

Malirewo sadzakhala ozungulira bwinobwino. Komwe atalika, onani ngati kuli msewu wabwino; komwe afupika, fufuzani mtsinje wopanda mlatho, phiri, kapena msika wina. Kufotokoza zimenezi ndiko kudzatenga malikisi ambiri mu lipoti, pamodzi ndi ndime yonena zofooka za njira yathu: masiku awiri okha, nyengo imodzi ya chaka, ndiponso ogula a madzulo omwe sitinawaone.

Tidzanyamuka pasukulu 6:15 m'mawa. Palibe woyenda yekha mumsika, ndipo ine ndidzakhala ndikuzungulira zipata zonse. Bweretsani mapensulo awiri, chofufutira, madzi akumwa ndi pulasitiki yophimbira mafomu mvula ikagwa. Lipoti la gulu lililonse lifike Lachisanu la sabata yotsatira.