Kalata yodandaula za kupezereredwa kwa mwana wanga Takondwa

Mzuzu
17 Juni 2024

Kwa Aphunzitsi Aakulu,

Bambo,

DANDAULO: KUMENYEDWA NDI KULANDIDWA ZINTHU KWA TAKONDWA KALONGA, SITANDADE 2B, POWERUKA

Ndine mayi ake a Takondwa Kalonga, mnyamata wa zaka 7 amene ali mu Sitandade 2B pasukulu panu. Tinasamukira kuno ku Mzuzu kuchokera ku Dedza mu Januwale chaka chino. Ndikulemba chifukwa mwanayu wakhala akupezereredwa ndi anyamata atatu a pasukulu panu pomwepo akamabwerera kunyumba, ndipo sabata yathayi zafika pomuvulaza.

Ndinayamba kuona zachilendo pakati pa mwezi wa Meyi. Mwana amene ankadzuka yekha n'kumandikakamiza kuti ndimutenthetsere madzi msanga anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse. Ine ndinkati ndi kuzizira kwa kunoku, poti sanazolowere, mpaka ndinamugulira juzi ya kaunjika. Lachiwiri pa 21 Meyi anabwera wopanda pensulo ndi kontena yomwe ndimamuikira mbatata. Anati wataya, ndipo ndinamukalipira. Lachinayi pa 30 Meyi anabwera makope onse ali chinyowere, matope okhaokha, n'kunena kuti anaterereka. Ndinamukalipiranso. Zimenezi zimandiwawa mumtima ndikamazikumbukira, chifukwa mwana ankachokera kozunzidwa n'kudzapezanso mkwiyo wa mayi ake pakhomo.

Zoona zake ndinazimva Lachitatu pa 5 Juni, osati kwa iye, koma kwa mayi wina amene amagulitsa zitumbuwa ndi chimanga chootcha pafupi ndi kamlatho ka matabwa, panjira yachidule yotsikira kudambo imene ana ambiri amadzera. Anandiimitsa n'kundifunsa ngati kamnyamata kachibwibwi kaja ndi kanga. Anandiuza kuti anyamata atatu ovala yunifolomu ya sukulu yanu amakhala pamlathopo cha m'ma 12 koloko masana, n'kumatsekereza tiana tating'ono. Takondwa ndiye amamukonda kwambiri chifukwa cha chibwibwi chake. Amamuuza kuti atchule dzina lake, akayamba kukakamira mawu iwo n'kumamuyeseza akuseka, kenaka n'kumupisa m'thumba. K200 ya mandasi ikapezeka amatenga. Ikapanda kupezeka amamumenya makofi kapena kumuponyera chikwama m'madzi. Mayiwo akuti anawathamangitsapo kawiri, koma mawa lake amabweranso.

Usiku umenewo ndinakhala naye pansi mofatsa, ndipo anaulula akulira. Anamuopseza kuti akadzangonena adzamukankhira mumtsinje. Bambo, mwana wa zaka 7 mawu oterowo amawakhulupirira. Wasenza mantha amenewa yekhayekha kwa masabata atatu, ndipo wayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka 4.

Lachisanu pa 7 Juni ndinabwera kudzaonana ndi aphunzitsi a kalasi yake. Anandilandira bwino ndipo anandimvera, sindikuwadandaula ayi. Koma yankho lawo linali lakuti zochitika kunja kwa sukulu n'zovuta kuti iwo alowererepo, ndiye ndiyesetse kumadzamutenga ndekha. Ndinayesa. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndinkasiya tomato wanga ndi mnzanga ku msika wa Zigwagwa n'kukwera kabaza kudzamudikira pageti. Masiku atatuwo palibe chinachitika. Lachinayi pa 13 Juni ndinalephera kuchoka chifukwa katundu amene ndinaoda anafika mochedwa. Tsiku lomwelo anamugwira, n'kumufunsa chifukwa chake wayamba kuyenda ndi amake, ndipo mmodzi anamukankha kuchokera pamlatho. Anagwera pamwala n'kung'ambika pamwamba pa diso lamanzere. Kuchipatala anamusoka, ndipo zonse zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala, limene ndidzabwera nalo. Chikhala kuti mwalawo unamufika m'munsi pang'ono, bwenzi tikukamba za diso. Kuyambira tsikulo sanapitenso kusukulu.

Pa mawu akuti izi n'zakunja kwa sukulu, ndikupempha mundilole ndisagwirizane nawo. Takondwa akuti anyamatawa ndi a Sitandade 5, ndipo mmodzi amamudziwa dzina. Ana a Sitandade 2 amaweruka msanga, pamene a makalasi aakulu amakhala akadali m'kalasi. Ndiye kuti nthawi imene anyamatawa amakhala pamlatho ndi nthawi imene makolo awo akudziwa kuti ali m'manja mwanu. Akuthawa m'kalasi, atavala yunifolomu yanu, kukadikirira ana a sukulu yanu. Kaundula wa m'mawa angaonetse kuti analipo, koma wina atawerenganso ana itatha buleki, ndikhulupirira mipata iwoneka. Ndikudziwa kuti makalasi ndi odzaza ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone mutu uliwonse. N'chifukwa chake ndabwera nazo kwa inu.

Mayina sindilemba m'kalata muno, poti kalata imadutsa m'manja ambiri ndipo awanso ndi ana a eni. Ndidzakuuzani pamaso. Achimwene anga atamva anafuna kupita pamlathopo ndi chikwapu, koma ndinawaletsa. Sindikufuna kuti anawa amenyedwe, kaya ndi ife kaya ndi aphunzitsi, komanso sindikupempha kuti achotsedwe sukulu. Ndikufuna asiye, ndipo makolo awo adziwe zimene ana awo akuchita.

Pempho langa ndi lakuti muitanitse anyamatawa pamodzi ndi makolo awo, tikhale pansi pali inuyo, aphunzitsi a makalasi onse awiri ndi mmodzi wa akomiti ya sukulu. Takondwa asaimitsidwe pamaso pawo kuti aloze chala kapena afotokoze. Ndi chibwibwi chake, akachita mantha mawu satuluka n'komwe, ndipo zidzaoneka ngati akunama. Ngati mukufuna kumva kwa iye, mumufunse payekha ine ndili pomwepo. Mayi ogulitsa zitumbuwa aja avomera kudzachitira umboni. Akutinso pali atsikana awiri aang'ono amene amalandidwa zakudya pamalo omwewo, kotero chonde mufunsenso m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2, koma mosamala, kuti ana asaope.

Ndikupemphanso kuti nkhani ya njirayi ifike ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso kwa amayi a mother group. Makolo titagawana masiku oima pamlatho paja nthawi yoweruka tiana, sizingatilemere. Ine Lachiwiri lililonse ndikhoza. Chimene sindingathe ndi kutseka geni tsiku ndi tsiku, chifukwa bambo ake ali ku Joni ndipo tomato yemweyo ndiye amalipira lendi.

Anzanga andilangiza kuti ndipite ku Victim Support Unit kupolisi kapena ndiimbe 116, nambala yothandiza ana. Sindinatero, chifukwa ndaona kuti n'koyenera kuyambira kwa inu amene mumawadziwa anawa. Koma mwana wavulala kale, ndipo zikapanda kusintha ndidzapita, ndipo ndidzakudziwitsani ndisanapite.

Ndidzafika ku ofesi kwanu Lachinayi pa 20 Juni nthawi ya 8 koloko m'mawa. Ngati tsikuli silikuyenerani, mutumize uthenga kudzera mwa aphunzitsi a 2B, amene ali ndi nambala yanga. Takondwa akhala ali kunyumba kufikira titakumana, choncho ndikupempha kuti kujomba kwake kuyambira pa 14 Juni kulembedwe ndi chifukwa chake chenicheni. Ndingathokozenso aphunzitsi ake atanditumizira ntchito imene anzake akulemba, poti mayeso otsekera chaka ayandikira ndipo sindikufuna abwereze kalasi chifukwa cha zimenezi.

Ine wanu,

Esinati Kalonga
Mayi ake a Takondwa, Sitandade 2B