Foni ya usiku yochokera ku Tsangano

(Lachitatu, mwezi wa Juni, nthawi itangopitirira 10 koloko usiku. Mayi wongodzipereka pa foni yothandiza anthu amene ali pamavuto wayankha italira kawiri. Kumene kwachokera foniko kukungomveka mphepo ndi munthu akupuma movutikira.)

Wothandiza: Moni. Mwaimba ku foni yothandiza anthu amene zinthu zawathina, ndipo mwandipeza. Ndikumvetsera.

(Zii.)

Wothandiza: Ndikumva kuti mulipo. Palibe chokuthamangitsani ayi. Foni ino ndi yaulere, mayunitsi anu sakudyeka, ndiye ngakhale mutakhala chete kanthawi palibe chimene mukutaya. Ine sindidula.

(Chete uja wapitirira. Mayiyo sakuwonjezera mawu. Patali galu akuuwa.)

Woimba: Halo... Kaya ndaimba koyenera kaya.

Wothandiza: Mwaimba koyenera, bambo, ndipo mwachita bwino kuimba. Ine ndine mayi wongodzipereka pa ntchito imeneyi. Si ine wapolisi, si inenso dokotala. Ntchito yanga usiku uno ndi kumva zimene zili kumtima kwanu. Mungakonde ndizikuitanani bwanji?

Woimba: Dzina ayi.

Wothandiza: Chabwino, dzina likhale. Ndizingoti bambo, inu muzingoti mayi, zikwana. Mudzi wanu kapena mfumu yanu musatchule ngati simukufuna. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kukuuzani poyambirira pomwe, kuti musadzaone ngati ndinakubisirani. Zimene tikambirane pano sizipita kwa akazi anu, kwa amfumu, kapena kumpingo. Pokhapokha ndikaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, pamenepo tidzafunika kupeza wina wotithandiza, ndipo ndidzayamba ndakuuzani inuyo. Zamveka bwino?

Woimba: Zamveka.

Wothandiza: Zikomo. Mphepo ikumveka kwambiri kumene muliko. Muli panja?

Woimba: Ndili kuseri kwa khola. M'nyumba anthu agona. Kuno ku Tsangano kukuzizira koopsa.

Wothandiza: Juni wa ku Tsangano ndiye sacheza. Mwafunda kanthu?

Woimba: Ndavala jekete.

Wothandiza: Chabwino. Ngati pali poti mukhale pansi, khalani, muyedzamire khoma kumbali kopanda mphepo. China, kumeneko n'kumalire, nthawi zina foni imathawira ku netiweki ya ku Mozambique n'kuduka yokha. Ikatero musaganize kuti ndakudulirani. Mudzaimbenso nambala yomweyi. Kapena mungalole kuti ikaduka ndikuimbireni ineyo?

Woimba: Ayi, ingalire m'nyumba anthu n'kudzuka. Ndiimbanso ndekha.

Wothandiza: Ndamva, sindiimba. Ndidikira inuyo. Moto ulimo wokwanira m'fonimo?

Woimba: Ulimo, ndinatchajitsa masana pagolosale.

Wothandiza: Basi, nthawi tili nayo. Yambirani paliponse pamene pakupepukirani. Nkhani siyenera kuyambira pachiyambi, ndipo musavutike n'kuikonza kuti imveke bwino. Mukhoza kuyamba ndi za lero, kapena ndi chimene chakudzutsani pamphasa mpaka kufika kukholako.

Woimba: Ine mayi... aaa. Sindikudziwa. Zinthu zangoti... Pepani.

(Mawu aduka. Akulira, akuyesetsa kuti asamveke.)

Wothandiza: Palibe chopepesa. Lirani, ndili pompano.

(Papita mphindi ngati ziwiri. Mayiyo akungoti "mmm" mwa apo ndi apo, kuti bamboyo adziwe kuti foni sinaduke.)

Woimba: Mwamuna wamkulu ngati ine kumalira pafoni. Manyazi ake.

Wothandiza: Amene akukumvani ndi ine ndekha, ndipo ine sindikuona chamanyazi. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, koma abambo amalira ndithu, kungoti amalirira kuseri ngati mmene mwachitiramu. Mwakhala mukuzisunga nokha kwa nthawi yaitali bwanji?

Woimba: Kuyambira Malichi. Kachewere anapsa.

Wothandiza: Anapsa ndi chiwawu?

Woimba: Chiwawu. Mvula ya mu Febuluwale ija, nkhungu tsiku ndi tsiku. Ndinapopera, koma masamba anangoda bii, munda wonse, sabata imodzi yokha. Pokumba tinangopeza timbatata ngati mazira a nkhunda, tina towola. Mavenda a pa Tsangano Turn-off anangotiyang'ana n'kuseka.

Wothandiza: Munalima, munathira feteleza, munapopera, kenako n'kumaona munda ukupsa inu muli chilili. Zowawa zedi.

Woimba: Feteleza wakeyo ndiye nkhani.

Wothandiza: Mmm. Ndikumva.

(Chete.)

Wothandiza: Ngati pamenepo pakulemera, tipasiye kaye. Tidzabwererapo mukafuna, kapena osabwererapo n'komwe. Mwadya chilichonse lero?

Woimba: Nsima anaphika, ndinangotsina kawiri. Tulonso sindikuona. Ndikangotseka maso ndimayamba kuwerengera ndalama.

Wothandiza: Ndalama zimene mukuwerengerazo ndi za fetelezayo?

Woimba: Ndinatenga katapila. K400,000 mu Novembala. Pano akuti yafika K800,000, ndipo akufuna pofika pa 30 mwezi uno. Chikole ndinaika dimba. Koma dimbalo si langa, mayi. Ine kuno ndine mkamwini, kwathu ndi ku Bembeke. Dimba ndi la akazi anga, anawasiyira amayi awo. Iwo sakudziwa. Amalume awo akadzamva...

Wothandiza: Zikomo pondiuza zimenezi. Ndikudziwa kuti sizinatuluke mophweka. Ndinene mmene ndamvera, mundikonze ngati ndaphonya. Pali ngongole imene yakula kuposa mmene mungathere, pali tsiku limene akuikirani, ndiye palinso chinsinsi chimene mukugona nacho m'nyumba imodzi ndi mwini dimba. Ndipo mwina chimene chikukudyani kwambiri ndi chinsinsicho, kuposa ndalamazo.

Woimba: Ndi chimenecho. Mkazi uja sanandilakwirepo. Ndimuyang'ana bwanji? Bola kungochoka, anthu apume.

Wothandiza: Bambo, mawu amenewo sindikufuna kuwalumpha. Ndikufunsani mosapita m'mbali, chifukwa ndi funso limene ndimafunsa aliyense amene wanena zotere, ndipo yankho lililonse limene mungapereke silindithawitsa. Mukamati kuchoka, mukunena zobwerera ku Bembeke, kapena mukuganiza zodzipha?

(Chete wautali. Mayiyo akudikira, sakubwereza funso.)

Woimba: Maganizo amenewo amabwera. Makamaka usiku.

Wothandiza: Ndamva, ndipo ndathokoza kuti mwandiuza zoona. Sindikukalipirani, sindikulalikiraninso. Munthu akapanikizika kwa miyezi osagona, osadya, osauza wina, maganizo otere amatha kubwera, ndipo kuwatchula sikuwapatsa mphamvu. Usiku uno, pali chimene mwakonza kuti muchite, kapena chimene mwamwa kale?

Woimba: Sindinamwe kanthu. Sindinakonze. Koma mankhwala otsala a kumunda ali m'nyumbamo, ndimawaganizira.

Wothandiza: Pano muli nawo pafupi?

Woimba: Ayi, ali m'kati. Ine ndili panja.

Wothandiza: Ndiye khalani pomwepo, tizicheza. Mwatuluka m'nyumba, mwasiya mankhwalawo m'kati, mwaimba foni. Zimenezo mwachita ndinu, ndipo zikundiuza kuti mbali ina ya mtima wanu ikufunabe njira. Ndikufuna tithandizane kuti mankhwalawo achoke pakhomopo akasungidwe kwina, chifukwa maganizo amenewa amabwera mwamphamvu kenako n'kuphwa, ndipo pa nthawi yoipayo ndi bwino kuti pafupi pasakhale kanthu. Pamudzipo alipo munthu amene mungamugogodere usiku ngati uno, iye n'kutsegula osakufunsani zambiri?

Woimba: Kaya... Alipo mnzanga wina, timayimba limodzi kwaya. Nyumba yake ili kutsidya kwa msewu.

Wothandiza: Amadziwa za ngongoleyi?

Woimba: Ayi.

Wothandiza: Sikuti mukamuuze zonse lero. Mukhoza kungomuuza kuti, "Achimwene, sindili bwino, ndisungireni botolo ili, ndipo mukhale nane." Botololo akatenge ndi iyeyo, inu musaligwire. Za dimba zidzabwera pa nthawi yake, mukadzafuna inuyo. Mukuona ngati mungathe kunena zimenezo?

Woimba: Mwina. Koma osati pompano. Ndikufuna ndikhale kaye.

Wothandiza: Khalani kaye, palibe vuto. Tipita kumeneko limodzi mukakonzeka, foni ili kukhutu, ndipo mukafuna ndidzayankhula naye ndine. Chimene ndikupempha n'chakuti musalowe nokha kumene kuli mankhwalawo tisanathane. Tigwirizane pamenepo?

Woimba: Tagwirizana.

Wothandiza: Zikomo, bambo. Za mawa tikambirana tisanasiyane. Kusagona ndi kusadya kumeneku achipatala amathandiza. Mukhoza kuyambira pachipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena kupita kuchipatala chachikulu pa boma la Ntcheu n'kukafunsa amene amaona za matenda a maganizo. Palinso Chipatala Cha Pa Foni ngati mungafune kufunsa za umoyo musanakwere galimoto. Nkhani ya ngongoleyo nayonso ili ndi pogwira, ndipo tiyiona bwinobwino, kuphatikizapo amene angakhale nanu pokawauza akunyumba. Koma zonsezo musazisenze pano. Sindikukulonjezani kuti ndili ndi ndalama zokupatsani, chifukwa ndilibe, ndipo sindikufuna kukunamizani. Chimene ndili nacho ndi nthawi.

Woimba: Simutopa nane? Mwina pali ena akufuna kuimba.

Wothandiza: Tilipo angapo usiku uno, enawo ayankhidwa ndi anzanga. Ine ndili ndi inu. Mwanena kuti mukatseka maso mumayamba kuwerengera. Nanga masana zimakhala bwanji, mukakhala ndi anthu?

Woimba: Masana ndimanamizira. Ndimapita kudimba kukathirira kabichi ngati zonse zili bwino. Dzulo mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 6, anabwera kudzandithandiza kutunga madzi. Akuti, "Ababa, chaka chino kabichi tikagulitse ku Lizulu, mundigulire nsapato." Ine ndinangoti eya. Pamene ndikudziwa kuti dimbalo pa 30...

Wothandiza: Mmm. Munamuyankha kuti eya, mumtima mukudziwa zina.

Woimba: Ndinapita kuseri kwa nthochi kuti asandione nkhope.

Wothandiza: Ndikumva, bambo. Pumani kaye pang'ono. Mukakonzeka mundiuze, zinayamba bwanji mu Novembala muja kuti mufike kwa wakatapilayo?

Woimba: Zinayamba ndi mbewu. Chaka chatha ndinasunga mbewu yanga, koma inawola m'nkhokwe, ndiye ndinayenera kugula ina. Kubanki m'khonde akazi anga anali atatenga kale ya fizi, ndiye sindikanawauza kuti atengenso...

Wothandiza: Eya. Pitirizani, ndikumvetsera.